Ana inu, nambala ya DV mumaisiyira mwini kafe chifukwa chiyani?

Lamulungu lapitali titangoweruka kutchalitchi, mnyamata wina wa m'kwaya anandikokera pambali misozi ili lengelenge. Akuti analembetsa lotale ya viza ya ku Amereka ija ya DV, pakafe ya intaneti ina ya kumsika. Tsopano mwini kafe wamuimbira kuti dzina lake latuluka, koma nambala amupatsa akapereka kaye ndalama zambirimbiri. Ndinamufunsa kuti, “Iwe, pepala lomwe linatuluka utamaliza kulembetsa lili kuti?” Iye n'kungoti, “Bambo, anati andisungira.” Akusungire iyeyo ndi malume ako?

Ndatopa nanu ana inu. Lisiti ya foni mumaisunga m'Baibulo chaka chonse, koma nambala yonyamula ulendo wanu wonse mumaisiya pakompyuta ya munthu amene ngakhale kwawo simukudziwa. Mukatumiza fomu pa dvprogram.state.gov pamatuluka Confirmation Number, zilembo ndi manambala 16 zoyamba ndi chaka cha lotaleyo. Kuijambula ndi foni kumakulemerani? Kuikopera m'kope, n'kuwerenga kawiri kuti ziro musamusandutse chilembo O, kumafuna digiri? Zotsatira zikatuluka, pa Entrant Status Check, tsamba loonerapo ngati mwasankhidwa, pamafunika nambala imeneyo, dzina la bambo monga munalilembera pafomu, ndi chaka chobadwa. Popanda nambalayo mungoyang'ana chitseko chotseka.

Ndinati tiyese pa Forgot Confirmation Number, paja pamenepo munthu amatha kuipezanso. Pamafunsa imelo yomwe inalembedwa pafomu. Mnyamata uja kukamwa yasa! Imelo inali ya mwini kafe. Ndiye kuti khasu ndi munda womwe anapereka yekha, lero akulirira chimanga. Ndipo akudziwa bwanji kuti dzina linatulukadi? Tsambalo sanalione ndi maso ake. Mwina palembedwa HAS NOT BEEN SELECTED, munthuyo akungofuna kumudyera.

Ena ndi aja othamanga ndi uthenga wa pa WhatsApp kapena imelo yakuti “mwapambana, tumizani ndalama.” Boma la Amereka silitumiza kalata kapena imelo youza munthu kuti wasankhidwa. Umakaona wekha ndi nambala yako, basi. Madola 330 a viza amalipiridwa ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe tsiku lokafunsidwa mafunso. Nanga inu mukutumizira ndani pafoni?

Osankhidwa enieniwo ndiye amandiwawitsa mtima koposa. Mukasankhidwa mumapatsidwa nambala yachiwiri, Case Number, yooneka ngati 2025AF00031500. AF akuimira Afirika, ndipo manambala akumapetowo ndi malo anu pamzere. Imeneyo si viza ayi. Maviza amakhalapo pafupifupi 55,000 pachaka, koma osankhidwa amaposa pamenepo kutalitali. Nanga wogulitsa ng'ombe za makolo tsiku lomwe waona nambala yakeyo, mutu wake ukuyenda bwino?

Mzerewo umayenda chonchi. Mukadzaza fomu yofunsira viza ya DS-260, mwezi ndi mwezi mumatsegula Visa Bulletin, chikalata cha boma la Amereka cholengeza pomwe mzere wafika, n'kuona nambala yomwe aikira Afirika. Tinene kuti mwezi uno alemba 30,000 pamene yanu ndi 31,500: nthawi yanu sinakwane, khalani pansi, musavutitse anthu. Akadzalemba 35,000, yanu yalowa, chifukwa imayenera kukhala pansi pa nambala yolembedwayo. Tsono tsiku lokaonekera kwa kazembe mukaliona kuti? Pa Entrant Status Check pomwe paja, ndi Confirmation Number yomwe ija munaitaya poti “ndapambana kale, yatha ntchito.” Inatha ntchito liti? Imelo ikabwera imangokuuzani kuti kaoneni patsambalo, ndipo ngati imeloyo ndi ya mwini kafe, tsiku lanu lidzadutsa inu mukusewera bawo.

Mukachoka kwa kazembe, kalondolondo amapitirira pa ceac.state.gov ndi Case Number. Pakalembedwa Administrative Processing ndiye kuti akuunikabe, pakalembedwa Issued ndiye kuti viza yatuluka. Asanalembe Issued mukugula tikiti ya ndege ya chiyani? Mukutsanzika kuntchito kuti mupite kuti? Ndipo lotale ya chaka chilichonse imatsekeka pa 30 Seputembala wa chaka chomwe chili panambala yanu. Tsikulo likadutsa viza isanatuluke, nkhani yathera pomwepo, palibe kudandaula, palibe kupitiriza chaka chinacho.

Mnyamata uja ndamuuza kuti asapereke ngakhale tambala, mawa tipitira limodzi kukafeko ndi akulu a mpingo awiri, akatsegule tsambalo ife tikuona. Inu enanu amene mukuwerenga muli duu, nambala yanu ili kuti panopa? Dzukani mukaitenge lero, musadzandipeze ndi misozi pakhomo la tchalitchi.