Chija chimadutsa madzulo chikugwa, ndipo ana tiziwauza choncho

Sabata yatha mwana wa achemwali anga anabwera ndi kope lake kuti ndimufunse mafunso a mayeso. Tikutsegula tsamba la sayansi ndinapeza chiganizo ichi, chojambulidwa mzere wofiira kunsi kwake: anthu a mumlengalenga amayandama chifukwa kumeneko kulibe mphamvu yokoka ya dziko. Ndinamufunsa kuti wazitenga kuti, iye akuti, "Amalume, anatilembera pabolodi." Zinandipweteka mtima, chifukwa mtsikanayu ndi wakhama, ndipo waloweza chinthu cholakwika ndi mtima wake wonse. Aphunzitsiwo sindikuwanyoza, nanenso ndinakula ndikukhulupirira zomwezo. Koma si zoona, ndipo zoona zake mwana wazaka 13 atha kuzimva bwinobwino.

Ine ntchito yanga ndi yoika madishi a kanema kuno ku Ulongwe ndi midzi yozungulira. Tsiku lililonse ndimalozetsa mbale yachitsulo ku setilaiti, chinthu chozungulira dziko chomwe sindichiona, ndiye funso loti n'chiyani chimachigwira kumwambako linandivutitsa zaka zambiri mpaka ndinakhala pansi n'kuliwerengera.

Titenge siteshoni yaikulu ija ya mumlengalenga yomwe pafoni imalembedwa ISS, mmene mwakhala mukukhala anthu osalekeza kuyambira mu Novembala 2000. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi. Kumva 400 munthu amaona ngati n'kutali, koma ndi ulendo ngati wochoka mumzinda wa Tete kukafika ku Chimoio, kungouimika chilili. Dziko lenilenilo ndi lalikulu kwambiri: kuchoka pomwe mwaimapo kukafika pakati pake penipeni pali makilomita 6,371. Ukawonjezera 400 pamenepo wasuntha pang'ono chabe, ndipo mphamvu yokoka yangochepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Mutamanga nsanja yotalika makilomita 400 n'kukwera nalo thumba la mbatata ya kachewere lomwe pamsika limakwana makilogalamu 50, sikelo yanu pamwambapo ingaonetse 44 ndi kakusefukira. Msana ungakupwetekenibe.

Ndiye dziko likuikoka siteshoniyo, ndipo likuikoka zolimba. Nanga bwanji sigwa?

Funso lomweli anandifunsa agogo ena ku Domwe, tsiku lina madzulo nditamaliza kuwaikira dishi. Tinali pabwalo, siteshoniyo ikudutsa mwakachetechete ngati kadontho kowala kuposa nyenyezi zonse, kosathwanima. Anati, "Mwanawe, chimenecho anachimangirira pati?" Ndinati, "Agogo, sanachimangirire, chikugwa." Anandiyang'ana ngati ndawalaula. Koma mawu ake ndi amenewo basi, ndipo ndikufuna ndiwamasule bwino apa.

Tolani miyala iwiri. Umodzi ungousiya kuchokera paphewa, winawo uponye chopingasa, osakweza kapena kutsitsa dzanja, nthawi imodzi. Pabwalo losalala miyala iwiriyi imafika pansi limodzi. Woponyedwawo wapita patali, koma kugwa kwake sikunachedwe ngakhale pang'ono. Liwiro lopita kutsogolo silichotsa kugwa, limangosintha malo ogwera. Ponyani ndi legeni, ugwera patsogolo. Chipolopolo cha mfuti chigwera patsogolo kwambiri. Zonsezi mu sekondi yoyamba zimatsika mofanana, mamita pafupifupi 5, ngati mpweya sunazisokoneze.

Tsopano pano ndi pomwe pagona nkhani. Dziko ndi lobulungira, ndipo kupindika kwake tikukudziwa: ukayenda mowongoka ngati chingwe chokokedwa mtunda wa makilomita 8, nthaka imakhala yakuthawa kunsi ndi mamita pafupifupi 5. Taonani manambala awiriwo. Mwala umagwa mamita 5 pa sekondi yoyamba, ndipo dziko limapindika mamita 5 pa makilomita 8 aliwonse. Ndiye mutapeza dzanja loponya mwala pa liwiro la makilomita 8 pa sekondi, sekondi ikamatha mwalawo wagwa mamita 5, nthakanso yatsika mamita 5. Mwala uli pamtunda womwe unayambira. Sekondi yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi, mpaka uzungulira dziko lonse n'kukupezani kumbuyo. Wakhala ukugwa ulendo wonsewo, koma nthaka sunaipeze. Isaac Newton anaganiza zimenezi zaka zoposa 300 zapitazo, poyerekeza mzinga woikidwa pamwamba pa phiri lalitali kwambiri, ndipo munthu anadzazikwanitsa pa 4 Okutobala 1957 pamene dziko la Soviet Union linaponya Sputnik, setilaiti yoyamba yopangidwa ndi anthu.

Siteshoni ija imachita zomwezi ndi manambala ake. Imathamanga makilomita 7.7 pa sekondi, kutanthauza pafupifupi 27,600 pa ola. Ulendo wa Tete mpaka Chimoio uja imaudutsa mphindi imodzi isanakwane. Pa sekondi iliyonse imagwa mamita 4 ndi pang'ono, ndipo njira yozungulira dziko pamtunda umenewo imapindika ndi mlingo womwewo. Mphindi 92 kapena 93 yazungulira, pa tsiku maulendo 15 n'kupitirirako. Injini siyaka kuti izi zichitike. Ntchito yaikulu ya roketi inali yoipatsa liwiro lopingasalo pachiyambi, osati kungoikweza. Anthu ambiri amaona roketi ikunyamuka choongoka n'kuganiza kuti nkhani ndi kukwera, koma ikangotuluka mumpweya wothinana imapendekeka n'kuyamba kuthamangira m'mbali, ndipo mafuta ambiri amathera pamenepo. Mukanangokweza chinthu makilomita 400 n'kuchisiya chopanda liwirolo, chikanabwerera pansi ngati papaya.

Mukamvetsa zimenezi, za kuyandama zija sizivutanso. Kulemera komwe timakumva m'thupi si kukoka kwa dziko ayi, ndi kukankha kwa chomwe chatiletsa kugwa: nthaka kumapazi, mpando kumatako, mphasa kumsana. Chotsani chokankhacho, kumva kulemera kwatha. Aliyense amene anakwerapo chapa yothamanga n'kudumpha kamtunda pamsewu akukudziwa kunyamuka kwa m'mimba kuja, pamene mpando wakuthawa kwa kamphindi ndipo katundu wa pamiyendo wapepuka. Kamphindi kameneko inu ndi galimoto mumagwa limodzi. Wa mu siteshoni akugwa, siteshoni ikugwa, supuni yake ikugwa, madzi ake akugwa, zonse mofanana, choncho palibe chomwe chikutsamira pa chinzake. Iye amakhala m'kamphindi ka chapa kaja kwa miyezi 6.

Mtsikana uja sanandikhulupirire ndi pakamwa pokha, ndipo anachita bwino. Ndinatenga botolo lapulasitiki la malita awiri, ndinaliboola m'mbali chakunsi ndi msomali wotentha, ndinadzaza madzi osatseka pakamwa. Madzi anayamba kutumphuka pabowo, kamzere kopindika kugwera pafumbi. Ndinakwera makwerero anga a ntchito, iye ataima pansi ndi foni akujambula, ndipo ndinalisiya botolo. Poonera pang'onopang'ono zinaoneka poyera: dzanja litangotseguka kamzere ka madzi kanaduka, botolo linatsika louma pabowo mpaka kuphulika pansi. Anabwereza kuonera kanayi. Kenako anati, "Amalume, ndiye kuti madziwo samapanikiza botolo chifukwa onse akugwa?" Sindinawonjezerepo kanthu. Mphamvu yokoka sinachoke pabwalo pathu paja, umboni wake botolo linasweka. Chinachoka ndi kutsamirana basi.

Pali chifukwa china chomwe chiganizo cha m'kope chija chimandivutira. Mwana akakhulupirira kuti kumwamba kulibe chokoka, aziganiza kuti setilaiti ukaiika yakhazikika mpaka kale. Zoona zake n'zakuti pa makilomita 400 mpweya ulipobe, wochepetsetsa, koma chinthu chothamanga makilomita 7.7 pa sekondi chimaumva. Mpweyawo umaibera siteshoni mphamvu pang'onopang'ono ndipo njira yake imatsika. Oyang'anira amaziona pa kutalika kwake, komwe kumatsika masabata angapo kenako n'kukwera mwadzidzidzi ngati mano a sowo. Kukwerako ndi pamene ayatsa injini, nthawi zambiri za chombo chonyamula katundu cha ku Russia chotchedwa Progress, kuikankha kutsogolo kuti ikwerenso. Dzuwa likalusa limatenthetsa mpweya wa kumwambako, umafufuma, ndipo kutsikako kumafulumira. Siteshoni ya Amereka ya Skylab inatha choncho mu Julayi 1979, zidutswa zake zinagwera kumadzulo kwa Australia. Mu Febuluwale 2022 masetilaiti 49 a Starlink anaponyedwa nthawi yomwe mpweya unafufuma chonchi, ndipo ambiri mwa iwo anapsera mumpweya asanafike pamalo awo. Sputnik yomwe ija inangokhala miyezi itatu.

Za ntchito yanga ndinene mwachidule. Masetilaiti omwe madishi athu amaloza ali kutali kwambiri, makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta. Kumeneko kukoka kwafookadi, kotero liwiro la makilomita 3 pa sekondi likukwanira, ndipo njira ndi yaitali moti kuzungulira kamodzi kumatenga tsiku lathunthu. Dziko nalo limatembenuka kamodzi pa tsiku, ndiye setilaiti imaoneka ngati yaima malo amodzi, ine n'kumanga mabawuti n'kumapita kwathu. Makasitomala amati yaima, koma nayonso ikugwa. Mwezi nawo ukugwa chomwecho.

Maganizo anga ndi akuti chiganizo chija chifufutidwe m'makope, ndipo m'malo mwake mulembedwe kuti amayandama chifukwa akugwa limodzi ndi chombo chawo. Ena andiuza kuti n'zovuta kwa ana, kuli bwino ayambe ndi chophwekacho adzakonza akakula. Ine ndikukana. Ambiri mwa ana athu sadzakhalanso m'kalasi ya sayansi akapitirira apa, ndipo chomwe aloweza lero ndi chomwe adzauze ana awo. Komanso phunziro loonali silifuna chipangizo chogula: miyala iwiri, botolo, msomali ndi malo okwera. Mphunzitsi aliyense wa ku Tsangano kapena ku Furankungo ali nazo pakhomo.

Amene mukufuna kuiona siteshoniyo, imadutsa kuno kwathu, koma osati usiku uliwonse. Imaoneka dzuwa litangolowa kapena m'bandakucha, pamene pansi pali mdima koma kumwambako dzuwa likuiwalirabe. Ilibe nyali zothwanima ngati ndege, ilibe phokoso, ndipo imadutsa thambo m'mphindi zosaposa 6 kapena 7. Nthawi zina imazimirira pakati pa ulendo, ndiye kuti yalowa mumthunzi wa dziko. Mwana wa achemwali uja wanena kuti Lolemba apita nalo botolo lina kusukulu, ndipo makwerero ndamulonjeza kuti ndidzawanyamula ndine.