Mutu wa imelo si malonje

Lachiwiri masana ndili m'minibasi yopita ku Area 25, maimelo 40 ali mbwee pa foni. Mwa iwo munali ya mnzanga wa ku ofesi, mutu wake "Moni". Ndinaidumpha. Kodi moniyo ndi wachangu? Pomwepo n'kuti m'katimo akupempha ndisayine invoisi ya mafuta isanakwane 4 koloko, apo ayi galimoto sinyamuka. Ndinaitsegula Lachinayi.

Achimwene, foni imaonetsa mawu oyambirira okha a mutu, enawo imadula. Ndiye yambani ndi chochitacho, kenako chinthucho ndi nthawi: "Sayinani invoisi ya mafuta lero 4 koloko isanakwane". Ndikanasayina ndisanafike pa Kanengo. Malonjewo tikachitira m'kati.