Chenjezo: Botolo lopanda dzina musamalifunsire pa chithunzi

Ana anga, abale ndi alongo, pali khalidwe lina lafala pa mafonimu ndipo ndaona kuti ndisakhale chete. Munthu wagula botolo la madzi ofiirira pa depoti, kapena wapatsidwa ndi mnzake wa kuntchito, botolo lopanda pepala, lopanda dzina la wopanga, lopanda tsiku. Walijambula, waponya pa gulu, n'kulemba kuti: "Amene mukudziwa, awa ndi mankhwala anji? Ndizimwa bwanji?" Mphindi zisanathe mayankho ali mbwee. Wina akuti ndi muwawani, wina akuti ndi nimu, wina akuti "imwani theka la kapu m'mawa ndi madzulo, agogo anga ankamwa omwewa." Omwewa ati? Inu mwaona mtundu wa madzi pa galasi la foni, basi mwasanduka sing'anga?

Ndikudzudzula onse awiri, wofunsa ndi woyankha, koma makamaka woyankha. Paja amati safunsa anadya phula, koma wofunsa kwa munthu wongolota amadya phula lomwelo, ndipo amadya mtima uli m'malo.

Mvetsani chifukwa chake. Makungwa ambiri a mitengo yathu, mukawawiritsa kapena kuwaviika, amatulutsa madzi ofiirira. Muwawani umene anthu amamwa akamva m'mimba umatero. Mwabvi, umene unapha anthu ambiri kale pa milandu ya ufiti mpaka boma la atsamunda kuuletsa mu 1911, nawonso ndi khungwa, ndipo madzi ake ndi ofiirira. Mukathira ziwirizi m'mabotolo a madzi akumwa, n'kujambula madzulo m'nyumba ya babu limodzi, palibe angasiyanitse, ngakhale amene wakalambira m'tchire akukumba mizu. Foninso imasintha mtundu yokha malinga ndi kuwala. Sing'anga weniweni amadziwa mtengo poona tsamba, duwa, chipatso ndi malo amene wamera. Zonsezo zikasungunukira m'madzi, umboni watha. Chithunzi sichinganenenso mphamvu yake: makungwa odzaza dzanja m'malita awiri, ndi makungwa odzaza mbale m'lita imodzi ataphikidwa mpaka madzi kuphwera, onse amaoneka ofiirira, koma theka la kapu la achiwiriwo si theka la kapu la oyambawo.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi zimene ogulitsa ena osaopa Mulungu amathiramo. Tiyerekeze bambo wa zaka 60, wodwala shuga, mawondo akumuwawa. Mwana wake wamugulira botolo "la nyamakazi", walijambula, gulu lavomereza kuti ndi zitsamba zokhazokha. Bambo wamwa, pakutha masiku awiri ululu wazimiririka, wayamba kudya kwambiri, akupita kumunda. Banja lonse likuyamika. Apa ndi pamene munthu wanzeru ayenera kudabwa, chifukwa mawondo amene avuta zaka sapola ndi khungwa usiku uwiri. M'maiko ambiri, oyeza mankhwala akhala akupeza mapiritsi a kuchipatala osinjidwa m'mankhwala otchedwa achilengedwe, makamaka dekisametasoni, puredinisoloni ndi dikulofenaki, amene amachepetsa kutupa ndi ululu. Timapiritsi ta dekisametasoni ndi tating'ono, toyera. Tikasinjidwa n'kulowa m'madzi ofiirira owawa kale, diso silingatione, lilime silingatimve, kamera ndiye ayi.

Thupi ndi limene limaulula, koma mochedwa. Pakapita milungu ingapo nkhope ya bambo uja imayamba kuzungulira ndi kutupa, mimba kukula pamene miyendo ikuwonda. Achibale amati wanenepa, mankhwala amuyanja. Ludzu silikutha, usiku akudzuka kangapo kukataya madzi, chifukwa mankhwala a mtundu wa dekisametasoni amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Amafooketsanso chitetezo cha m'thupi, moti kachilonda kakang'ono ka kuphazi sikapola, ndipo chifuwa chachikulu chimene chinagona chitha kudzuka. Ngati munalinso dikulofenaki, m'mimba mumayamba kutentha, ndipo chimbudzi chikada bii ngati phula la pamsewu, dziwani kuti m'kati mukutuluka magazi. Pamenepo musadikire kuti kuche.

Ndipo tamverani bwino apa, chifukwa ambiri amalakwitsa pofuna kukonza. Mukaona zizindikirozi pa munthu amene wamwa botolo lotere kwa milungu yoposa itatu, musangolanda botolo n'kukhuthulira kudzala. Thupi limapanga lokha madzi ofanana ndi dekisametasoni ndi puredinisoloni, ndipo likamalandira a kunja kwa nthawi yaitali limaleka kupanga ake. Kusiya mwadzidzidzi kutha kumugwetsa munthu: kufooka, kusanza, chizungulire, magazi kutsika mpaka kukomoka. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, botolo lili m'manja, kuti adokotala aone ngati ayenera kumusiyitsa pang'onopang'ono.

Inunso abambo a mabotolo a "mphamvu za kuchipinda", musatembenuke ngati sindikukuonani. Gondolosi timamudziwa, ndi muzu. Koma botolo limene likugwira ntchito pasanathe ola lili ndi funso, chifukwa silidenafilo, mankhwala a m'mapiritsi a buluu aja, ndi amene amapezeka kawirikawiri atabisidwa m'zakumwa zotere. Kwa munthu amene akumwa mankhwala ena a mtima, kuphatikiza ziwirizi kumagwetsa magazi koopsa. Amayi oyembekezera amene mumapatsidwa mwanamphepo kuti matenda ayambe msanga, anamwino akhala akuchenjeza kuti chiberekero chitha kukoka mopitirira mpaka kung'ambika, ndipo muyezo wake palibe chithunzi chingakuuzeni.

Sindikuti chithunzi n'chopanda ntchito. Chimatha kuonetsa zifukwa zokanira. Botolo la pulasitiki likafufuma, kapena thovu likamakwera lokha, m'katimo mwasasa. Nkhungu ikayandama pamwamba, mankhwalawo aola. Ufa woyera ukadikha pansi pa madzi amene akuti ndi a mizu, funsani kuti ufawo ndi wa chiyani. Chooneka china ndi botolo lenilenilo: ngati ndi la mankhwala ophera mbozi m'munda kapena osambitsira ng'ombe, kutsuka sikuchotsa zonse. Chithunzi chingakuuzeni kuti "usamwe". Kuti "imwa", chimenecho sichingathe, ngakhale madziwo ataoneka oyera mbee, poti tizilombo ta kolera ndi taifodi sitioneka ndi maso. Kudziwa zimene zili m'kati kumafuna makina a kulabotale, ndipo kuno kwathu bungwe loyang'anira mankhwala ndi la PMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Ogulitsa zachinyengo akanenezeni kumeneko.

Ngati mwasankha kupita kwa sing'anga, umenewo ndi ufulu wanu, koma pitani kwa wodziwika mudzi wake, amene mungamupeze mawa zikavuta. Mufunseni dzina la mtengo, mbali imene wagwiritsa ntchito, tsiku limene waphika ndi muyezo, ndipo mulembe zimenezo pa pepala n'kumata pa botolo. Muuzeni mankhwala a kuchipatala amene mukumwa, ndipo a shuga, a magazi kapena otalikitsa moyo musasiye chifukwa cha botolo. Liikeni patali ndi ana, pakuti mwana akaona botolo la chakumwa amadziwa kuti ndi chakumwa.

Wina akamwa n'kuyamba kusanza, kutuluka dovu, kugwedezeka kapena kusokonezeka mutu, musataye nthawi kujambula ndi kudikira mayankho a pa gulu. Musamusanzitse ndi chala kapena madzi a mchere, pakuti masanzi atha kulowa m'mapapo. Mugonekeni chammbali, nyamulani botolo ndi zotsalamo, ndipo kuchipatala mukanene zoona: wamwa nthawi yanji, wamwa wochuluka bwanji, wakhala akumwa kuyambira liti. Manyazi oopa kukalipiridwa ndi anamwino asiyeni pakhomo, chifukwa mukabisa, adokotala ayamba kufufuza malungo pamene vuto lili m'chikwama chanu.