Ndime ya "izi sitilipira" izilembedwa moti mwini nyumba aimve

Mnzanga wina anandibweretsera pangano lake la inshuwalansi ya nyumba nkhope itagwa. Siling'i ya m'bafa inali itatsika, matabwa ataola, koma kampani itakana kulipira. Iye ankangobwereza kuti, "Komatu anandiuza kuti madzi akaononga amalipira." Tinatsegula patsamba la zinthu zomwe pangano silikhudza, ndipo yankho linalipo ndithu, koma litabisala pakati pa chiganizo chimodzi chotalika ngati chingwe.

Tanthauzo lake linali lakuti kampani sidzalipira chionongeko chobwera mwachindunji kapena kudzera m'njira ina chifukwa cha kutha kwa zinthu, dzimbiri, kuola, kudontha kwapang'onopang'ono, kapena chochitika nyumba itakhala yopanda munthu masiku oposa 30 otsatizana, pokhapokha ngati kampani inavomera molemba. Zonsezo mpweya umodzi. Munthu wamba akafika pa "pokhapokha" amakhala ataiwala kale poyambira.

Maganizo anga ndi akuti ndime yotereyi iyenera kuphwanyidwa, ndipo n'zotheka popanda kutaya kanthu. Choyamba n'kupatula zinthu ziwiri zomwe zaphatikizidwa. China chikunena za chomwe chayambitsa vuto, monga dzimbiri ndi kudontha. Chinacho chikunena za mmene nyumba inalili panthawiyo. Izi si nkhani imodzi, choncho chilichonse chikhale ndi chiganizo chake.

Ya madziyo ine ndingailembe chonchi: "Sitilipira ngati madzi akhala akudontha pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali mpaka kuononga khoma, siling'i kapena pansi. Mwachitsanzo, paipi yadzimbiri imene yakhala ikunyowetsa matabwa kwa miyezi. Paipi ikaphulika mwadzidzidzi, onani gawo la zomwe timalipira." Mnzanga uja akanawerenga zimenezi tsiku losaina, banga lachikasu litangooneka pasiling'i akanaitana pulambala sabata yomweyo. Woyeza chionongeko wochokera kukampani amayang'ana zomwezo: nkhungu, matabwa ofewa, mizere ya madzi youma n'kunyowanso. Zimenezi sizibwera usiku umodzi, ndipo ndi zomwe zimaulula kuti kudonthako n'kwakale.

Koma apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anthu amene amaganiza kuti kufewetsa ndi kungofupikitsa. Wina akhoza kulemba kuti "Sitilipira zoonongeka ndi madzi." N'chachifupi, koma ndi bodza, chifukwa chameza ndi paipi yophulika yomwe. Mwini nyumba atawerenga chotere sangapemphe n'komwe ndalama zomwe zinali zake. Winanso akhoza kuchotsa mawu akuti "kapena kudzera m'njira ina" poganiza kuti ndi zokometsera za maloya. Ayi ndithu. Mawuwo ndi amene amachititsa kuti dzimbiri likadya paipi, madzi n'kuoletsa matabwa, siling'i n'kugwera pa sinki, kampani ithe kukana ndi sinki yomwe. Ngati pangano likutanthauza zimenezo, zinenedwe poyera: "Sitilipiranso china chilichonse chimene chaonongeka potsatira kudonthako."

Ya masiku 30 ija imafuna mafunso amene munthu angafunsedi. Kodi "yopanda munthu" ndiye kuti chiyani? Wachibale akamabwera masana kudzatsegula mawindo, zikuwerengedwa? Mapangano ambiri amafuna kuti munthu azikhalamo ndi kugonamo, ndipo tanthauzolo amaliika patsamba lina kutali. Libweretsedwe pomwepo. Mawu oti "otsatizana" asachoke, pakuti masiku 40 omwazikana m'chaka si ofanana ndi masiku 31 ondondozana. Ndipo "pokhapokha" uja aime pambali pa chinthu chake: "Ngati mudzachoke masiku oposa 30, tiuzeni musananyamuke. Tikavomera molemba, lamuloli silikukhudzani." Mu chiganizo chakale chija sizinkadziwika ngati chilolezocho chikukhudza nyumba yopanda munthu yokha kapena dzimbiri lomwe. Wolemba ayenera kufunsa eni pangano kuti ankatanthauza chiti, osangoganizira. Makampani nawonso izi ziwakhudze, chifukwa m'malamulo a mayiko ambiri mawu omveka pawiri amatanthauziridwa mokomera amene sanalembe panganolo.

Mukamaliza kulemba, musafunse munthu kuti "Mwamva?" Aliyense amavomera ndi mutu. Mupatseni nkhani. Paipi yaphulika usiku muli m'nyumba, alipira? Yaphulika tsiku la 35 muli kutali osawauza, alipira? Banga lakhala likukula miyezi itatu, alipira? Ndinamuyesa mnzanga uja ndi ziganizo zatsopanozo, ndipo mafunso atatu onsewo anayankha molondola osabwereranso patsamba. Pa funso lachitatulo anakhala kaye chete, kenako anati, "Ndiye langali."