Wolankhula azitiuza pamene tafika

Munthu akamawerenga pepala n'kusokonezeka, amabwerera pamwamba n'kuyambiranso. Womvetsera sangathe kutero. Pamsonkhano wa pansi pa mtengo palibe bolodi, palibe zithunzi zoonetsa pakhoma, ndipo mawu akadutsa adutsa. Maganizo anga ndi akuti wolankhula pamalo otere ali ndi ntchito ziwiri: kufotokoza nkhani yake, ndi kutiuza pafupipafupi kuti tili pati m'nkhaniyo. Ambiri yachiwiriyi saiwerengera.

Titenge mlangizi wa zaulimi amene akuphunzitsa kabzalidwe ka chimanga ka Sasakawa. Nkhani yake ili ndi manambala ofunika: masentimita 75 pakati pa mzere ndi mzere, masentimita 25 pakati pa phando ndi phando, njere imodzi paphando. Akangowakhuthula motsatizana, mayi amene anatembenuka pang'ono kutonthoza mwana amva "25" koma osadziwa kuti ndi wa chiyani. Nambala aikumbukira bwinobwino, n'kukaiika pamalo olakwika.

Mlangizi wodziwa ntchito amayamba ndi kulonjeza: "Lero tikambirana zinthu zitatu: mizere, mapando ndi feteleza." Atchule pang'onopang'ono, akuwerenga ndi zala zili m'mwamba. Mayinawo akhale aafupi, ndipo asasinthe mpaka kumapeto. Ngati poyamba anati "mapando", asadzati "kabzalidwe" pakati pa nkhani, chifukwa wina aganiza kuti yabwera mfundo yachinayi. Ndimaonanso kuti dzina limagwira kuposa nambala. Kungonena kuti "chachiwiri" sikuthandiza munthu amene waiwala kale kuti choyamba chinali chiyani.

Pamene pamagona nkhani ndi podumpha kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina. Apa ambiri amangoti "komanso" n'kupitiriza, mawu osakwera kapena kutsika. Womvera sangadziwe ngati "komanso" ameneyu akuwonjezera pa za mizere kapena akutsegula zina. Podumpha pamafunika kutseka kaye, kupuma, kenako kutsegula. Mwachitsanzo: "Za mizere zathera pamenepa. Mugwirepo chimodzi: masentimita 75." Akhale chete kanthawi kokwanira kupuma kawiri. Ndiye: "Tsopano takwera pamwamba pa mzere, tikukamba za mapando. Feteleza akubwera, musadandaule." Ziganizo zochepazi zauza anthu komwe tachoka, pomwe tili, ndi zomwe zatsala. Yemwe maganizo anali atapita kunyumba wapeza polowera. Kusuntha phazi limodzi kapena kupinda chala china nthawi yomweyo kumathandizanso amene akhala kutali.

Nanga wina akafunsa za feteleza nkhani ikadali pa mapando? Zimachitika kawirikawiri, poti feteleza ndiye amawawa m'thumba. Pali njira ziwiri zokha zabwino. Kapena kunena kuti "Funso limenelo tilisunge, malo ake ndi gawo lachitatu," n'kudzalikumbukiradi ikafika nthawi, kapena kupatuka poyera: "Ndipatuke pang'ono ndiwayankhe bambowa." Mukatha munenenso poyera kuti "Tabwerera ku mapando, tinali pa njere imodzi paphando." Kupatuka si mlandu, anthu amakukondanso. Chosokoneza ndi kubwerera mwakachetechete.

Kudziwa kuti anthu asochera n'kosavuta. Mafunso amayamba kubwera a gawo lomwe munatseka kale, kapena mumaona anthu akunong'onezana kufunsana kuti akunena ziti. Kufunsa kuti "Tili limodzi?" sikuthandiza kwenikweni, aliyense ayankha "Eee" mwaulemu, ngakhale amene amawodzera. Bola kufunsa kuti "Tatha ziti, kwatsala ziti?" Gulu likalephera kutchula, bwererani.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi "pomaliza" wabodza. Munthu akati "pomaliza", anthu amayamba kufunafuna nsapato ndi kukonza zitenje. Akapitirizanso mphindi 15, n'kunenanso "pomaliza penipeni", palibe amene akumvanso, ndipo tsiku lina akadzati "zinthu zitatu" sitidzamukhulupirira. Azibusa ndi olankhula pamaliro, pepani, apa ndikunena inunso. Ngati mwalonjeza zitatu zikhale zitatu. Chikakufikirani chachinayi muli pakati, chinenereni poyera kuti mwawonjezera.

Ena amati kubwerezabwereza kotere kumatopetsa, ngati ukuphunzitsa ana a sukulu ya mkaka. Ali ndi mfundo. Chilengezo cha mphindi ziwiri sichifuna "choyamba, chachiwiri", ndipo wosimba nthano akayamba kulengeza magawo waipha nthanoyo. Koma phunziro la theka la ola, lokhala ndi miyeso yomwe anthu akaigwiritse ntchito kumunda opanda polemba, ndi nkhani ina. Pamenepo ine bola mlangizi anditopetse pang'ono ponena kanayi kuti tili pa mapando, kusiyana n'kuti ndikabzale chimanga motalikana masentimita 75 pamzere.