Chithunzi cha chambo chingakuuzeni zingati?

Abale, masiku ano ambiri tikugula nsomba pa WhatsApp. Ogulitsa ali pamsika, atumiza chithunzi cha chambo chonyezimira, ife ndalama n'kutumiza. Maganizo anga ndi akuti chithunzi chimathandiza kukana nsomba yoipa, koma pachokha sichingakutsimikizireni kuti nsombayo ndi yabwino.

Mwezi wa Okutobala ndinaitanitsa chambo zinayi kwa mayi wina wa ku Mangochi. Pachithunzi maso anali owala bwino, khungu lili waliwali. Zitafika ku Blantyre madzulo, ndinadinikiza chala pamsana pa imodzi, dzenje la chala linatsala pomwepo osabwerera. Nditatumbula, minga ya m'nthiti inali ikulekana yokha ndi mnofu. Mtima unandipweteka, chifukwa ndiwo zimenezo ndinakonzera alendo.

Nditabwereranso pachithunzi chija ndinaona chimene ndinaphonya: nsomba zonse zinali zotseka m'makha, tinyama topumira tija tobisika m'mbali mwa mutu. Apa ndiye pogona nkhani. Makha a chambo cha lero amakhala ofiira ngati magazi, timizere take tooneka patalipatali, tonyowa ndi mamina ochepa oyera ngati madzi. Chikagonera amatuwa, kenako amasanduka akhofi, timizere tija n'kumatana ndi zonanda zachikasu. Uzani ogulitsa atukule chivindikiro chake ndi chala, mbali zonse ziwiri, ajambule panja masana. Kuwala kwa babu komanso kwa dzuwa lolowa kumafiiritsa zinthu, ndipo mafoni ena amakoleza mtundu okha.

Maso ndimawakhulupirira pang'ono chabe. Zoona, diso la nsomba yatsopano limatukuka, pakati pali bii, pomwe la yogonera limalowa m'kati n'kuchita ng'ala. Koma nsomba yabwinobwino imene yagona mu ayezi wosungunuka imathanso kuyera maso, moti mukhoza kuikana popanda chifukwa. Ndipo chithunzi chojambulira pamwamba sichionetsa ngati diso lalowa. Pemphani cha cham'mbali.

Khungu ndiye losavuta kunamiza nalo: kungowaza madzi, chambo cha dzulo chimawala ngati changovuulidwa kumene. Ine ndimayang'ana ngati mamba sanasosoke, ndiponso ngati mimba sinatupe kapena kutuluka zamadzimadzi kotulukira chimbudzi.

Fungo ndi kulimba kwa mnofu, chithunzi sichinyamula. N'chifukwa chake tsopano ndimapempha kavidiyo kakafupi: atukule makha, adinikize pamsana, ndione mnofu ukubwerera. Kenako ndimafunsa kuti, “Mayi, zavuulidwa nthawi yanji, nanga muika ayezi wochuluka bwanji?” Zanga zija mwina pojambula zinalidi zabwino, koma zinayenda maola ambiri m'basi, kutentha kwa Okutobala kuja, m'jumbo lopanda ayezi ngakhale pang'ono.