Musanakangane za tchati chanu, funsani kaye kuti nyumba zagawidwa bwanji

Anthu awiri okhulupirira nyenyezi akhoza kuyang'ana tchati cha kubadwa cha munthu mmodzi, chosonyeza pamene panali dzuwa ndi mapulaneti pa nthawi imene anabadwa, wina n'kunena kuti ameneyu ndi wobisika, wosakonda kuonekera, winayo n'kulumbira kuti ndi mtsogoleri woonekera patali. Palibe amene walakwitsa masamu. Wina wagwiritsa ntchito Placidus, mnzakeyo Whole Sign, njira ziwiri zosiyana zogawira tchati m'zigawo 12 zotchedwa nyumba, ndipo kawirikawiri onse awiri sanena zimenezi. Kusanenako n'kumene kumandinyansa.

Tiyeni titenge mwana wobadwira ku Lilongwe kumayambiriro kwa Ogasiti, cha m'ma 7:10 m'mawa, patadutsa ola limodzi dzuwa litatuluka. Dzuwa lili pa madigiri 10 a Leo, chimodzi mwa zizindikiro 12 za kumwamba, chilichonse cha madigiri 30. ASC, kutanthauza digiri imene ikutuluka kum'mawa pa nthawiyo, ili cha pa 27 ya Leo yomweyo. Tinene kuti Venus ali pa 5 ya Virgo.

Placidus amayambira nyumba yoyamba pa digiri yeniyeni ya ASC. Ndiye Dzuwa lija, popeza lakwera kale m'mwamba, limagwera m'nyumba ya 12, imene owerenga amati ndi ya zobisika, kudzipatula ndi adani am'seri. Venus amalowa m'nyumba yoyamba, n'kumati mwanayu ndi wachikoka. Whole Sign alibe nazo ntchito za madigiri pogawa nyumba. Ngati ASC ili mu Leo, Leo yense kuyambira pa 0 mpaka kumapeto ndiye nyumba yoyamba, Virgo yachiwiri, choncho basi. Dzuwa lomwe lija tsopano lili m'nyumba yoyamba, m'chizindikiro chimene limalamulira, ndipo Venus wasamukira ku nyumba ya ndalama ndi katundu. Kumwamba sikunasunthe kanthu, koma mwana wamanyazi uja wasanduka mfumu yokonda chuma.

Anthu ambiri amaganiza kuti Placidus ndiye njira yovomerezeka chifukwa ndi imene imabwera yokha pa webusaiti yojambula matchati ya Astro.com ukapanda kusintha. Dzinalo ndi la Placidus de Titis, mmonke wa ku Italy amene anabadwa mu 1603 n'kumwalira mu 1668. Njirayi inafala kwambiri ku England m'zaka za m'ma 1800 chifukwa matebulo ake ndiwo ankasindikizidwa ndi kupezeka mosavuta. Whole Sign inabwereranso mwamphamvu m'ma 1990, gulu la Project Hindsight litayamba kumasulira mabuku akale a Chigiriki, ndipo ku India ambiri akhala akugawa nyumba chonchi kuyambira kale.

Chimene Placidus amagawa ndi nthawi. Amatenga nthawi imene digiri imatha kuchokera potulukira kukafika pamwamba penipeni, pa MC, n'kuidula patatu. N'chifukwa chake malo obadwira amasintha zinthu kwambiri. Lilongwe ili pa madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa ikweta, ndiye nyumba zimatuluka zosasiyana kwambiri kukula. Koma mwana wa m'bale wanu wobadwira ku Glasgow, pafupi ndi madigiri 56 kumpoto, akhoza kukhala ndi nyumba ina yaikulu yomeza chizindikiro chathunthu m'kati mwake, ina yopapatiza kwambiri. Mukapitirira madigiri 66, kumene masiku ena dzuwa sililowa n'komwe, madigiri ena satuluka kapena kulowa, ndipo masamu a Placidus amakanika.

Ine ndimatsamira ku Whole Sign, makamaka chifukwa ambiri a ife nthawi yobadwa timangouzidwa ndi amayi kuti "kunali kutacha". ASC imayenda pafupifupi digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse, ndipo malire onse a Placidus amayenda nayo. Mu Whole Sign, kulakwitsa ndi theka la ola nthawi zambiri sikusintha nyumba ngati ASC ili pakati pa chizindikiro. Komabe anzanga a Whole Sign asadzitame msanga. Mwana wa ku Lilongwe uja akanangochedwa kubadwa ndi mphindi 12 zokha, ASC ikanalowa mu Virgo, ndipo pulaneti iliyonse ikanasamuka nyumba nthawi imodzi. Dzuwa likanabwerera ku nyumba ya 12 konko. Placidus pa mphindi 12 zomwezo sakanasintha zambiri.

Sayansi sinapeze umboni woti njira iliyonse mwa ziwirizi imalosera moyo wa munthu, choncho mkangano woti yolondola ndi iti sudzatha ndi kuyeza. Chimene sindigwirizana nacho n'kudumphadumpha, lero Placidus chifukwa waika Venus pabwino, mawa Whole Sign chifukwa wachotsa Dzuwa m'nyumba ya 12. Mukatero ndiye kuti mwasankha kale yankho, tchati mukungochigwiritsa ntchito ngati mboni. Wokuwerengerani tchati akuuzeni njira imene watenga ndi digiri ya ASC yanu asanayambe kulankhula. Ngati digiriyo ili pansi pa 3 kapena pamwamba pa 27, ndipo nthawi yobadwa ndi yongoganizira, zonse zimene anganene zokhudza nyumba muzimve ndi khutu limodzi.